Bambo akadutsa zaka 50: zaukalamba ndi ziti, zamatenda ndi ziti kuchipinda?

Pali abambo awiri amene amalakwitsa nkhani imodzi, koma aliyense kumbali yake. Woyamba ali ndi zaka 54. Waona kuti chida chake sichikudzukanso msanga ngati kale, ndipo akamaliza ulendo umodzi tulo timamutenga mpaka kucha. Mtima suli m'malo. Wayamba kutafuna gondolosi, akufunsira mthubulo kwa anyamata a kumsika, mwinanso akulingalira zokadziyesa kwina kuti aone ngati vuto ndi iyeyo kapena mayi a kunyumba. Wachiwiri ali ndi zaka 58. Chaka chatha chida chisakudzuka n'komwe, ngakhale m'mamawa, koma iye wangoti, "Takula ife, zimenezo n'za anyamata," n'kumagona atapenya kukhoma.

Woyambayo ali bwinobwino, akungodzivuta. Wachiwiriyo ndiye woyenera kupita kuchipatala, ndipo osati chifukwa cha za kuchipinda zokha, pakuti zimene waziika m'gulu la ukalambazo kawirikawiri zimakhala chizindikiro choyamba cha matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi kapena mtima. Zaka zimachedwetsa zinthu ndi kuzichepetsa pang'onopang'ono. Zinthu zikasiyiratu, zikayamba kuwawa, kapena zikasintha mwadzidzidzi, pamenepo tisanamizire zaka.

Kuti timvetse malire amenewa, tiyambe ndi mmene chida chimadzukira. Mkati mwake muli mizere iwiri ya mnofu wofewa wokhala ndi timabowo tambirimbiri, yokutidwa ndi khungu lolimba. Mwamuna akakhala ndi chilakolako, kapena akagwidwa, ubongo ndi msana zimatumiza uthenga kudzera m'minyewa. Uthengawo umatsegula mitsempha yobweretsa magazi, magazi amadzaza timabowo tija, ndipo mnofu ukafufuma umapanikiza mitsempha yotulutsa magazi kuti asabwerere msanga. Kulimba konse kuja ndi magazi otsekeredwa basi, mulibe fupa. Ndiye pamafunika zinthu zinayi kuti ntchito itheke: maganizo odekha, minyewa yamoyo, mitsempha yotseguka bwino, ndi michere ya umuna yotchedwa tesitositeroni imene imapangidwa m'machende ndipo ndi imene imautsa chilakolako. Zaka zimakhudza zonsezi pang'ono. Matenda amagunda chimodzi kapena ziwiri mwamphamvu.

Zimene zaka zimabweretsa

Mnyamata wa zaka 20 kungoganiza chabe, chida chadzuka kale. Bambo wa zaka 55 kapena 65 zimenezi sizichitika kawirikawiri. Iye amafuna kugwidwa, kusisitidwa, ndi nthawi, mwina mphindi zingapo pamene kale zinkatenga kanthawi kochepa. Akatswiri awiri a ku America, William Masters ndi Virginia Johnson, amene anafufuza mmene thupi limachitira pogonana ndi kutulutsa zotsatira zawo mu 1966, anafotokoza kusintha kumeneku mwa abambo achikulire athanzi lawo. Khungu la chida limamva mochedwerapo, ndipo mitsempha simatseguka mwachangu ngati ya mwana. Pano ndi pamene mabanja ambiri amasemphana. Bambo amene anazolowera kuti mkazi akangovula iye wakonzeka, akaona kuti palibe chachitika amachita manyazi n'kutembenuka. Mayi nawo amamasulira kuti sakufunidwanso, kapena kuti mphamvuzo zathera kwa wina. Chonsecho chimene chikusoweka ndi dzanja ndi kuleza mtima. M'mabanja ambiri a kwathu kuno mayi anaphunzitsidwa kudikira kuti bambo ndiye ayambitse zonse, ndipo mwambo umenewu, umene unkayenda bwino pa zaka 25, umayamba kulephera pa zaka 55.

Chida chikadzuka, sichilimba ndendende ngati kale, ndipo sichiloza m'mwamba monga chinkachitira. Chingathe kufooka pakati, mwina posintha kagonedwe kapena mwana akagogoda pachitseko, kenako n'kudzukanso chikagwidwa. Muyeso wake ndi wapafupi: kodi chikulimba mokwanira kulowa ndi kukhalamo mpaka awiriwo atakhutira, nthawi zambiri zimene ayesa? Ngati yankho ndi inde, palibe matenda. Kulephera kwa apo ndi apo, munthu atatopa, atamwa mowa wambiri, atakangana ndi mkazi, kapena mutu uli pa ngongole ya feteleza, kumachitikira mwamuna aliyense wa msinkhu uliwonse.

Kusintha kumene kumawadandaulitsa kwambiri abambo ndi kwa ulendo wachiwiri. Mwamuna akathira umuna, thupi limalowa m'nyengo yopuma imene chida sichingadzukenso ngakhale atachinyengerera chotani. Kwa mnyamata nyengoyi ndi ya mphindi zowerengeka. Kwa bambo wa zaka za m'ma 50 ingakhale maola ambiri kapena tsiku lathunthu, ndipo kwa wa zaka za m'ma 70 ingapitirire pamenepo. Palibe muzu, palibe piritsi limene limabwezera nyengoyi mwakale. Nkhani za pabawo zoti uje amapita katatu usiku uliwonse pa zaka 60, zimvereni monga mumamvera nkhani za msodzi wa nsomba imene inapulumuka. Amene amadziyesa ndi nkhani zoterozo amadzipangira yekha matenda amene alibe.

Umuna nawo umachepa, ndipo sutuluka mothamanga ngati kale, nthawi zina umangotsika. Kukoma kwa pamapeto kumakhala kwakufupi, ndipo chida chimagwa msanga akamaliza. Masiku ena bambo sathira n'komwe ngakhale kuti zonse zayenda bwino, ndipo thupi silivulala chifukwa cha zimenezi. Umuna wosatuluka suwola m'thupi, suyambitsa kupweteka kwa msana. Pali phindu limene abambo saliwerengera: ambiri amene paunyamata ankamaliza msanga, pa msinkhu uwu amakhalitsa, ndipo akazi awo sadandaula nazo. Koma kuchepa kwa umuna sikutanthauza kuti kubereka kwatha. Bambo wa zaka 70 angathe kupereka mimba.

Chilakolako chimatsika pang'onopang'ono. Tesitositeroni imachepa ndi pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 chaka chilichonse kuyambira cha m'ma 40, ndipo kutsika kotereku ndi kwapang'ono moti abambo ambiri amakalamba ali nayo yokwanira. Amene ankafuna tsiku ndi tsiku angayambe kufuna kamodzi kapena kawiri pa sabata, wina kawiri pa mwezi. Palibe nambala yovomerezeka. Ngati awiriwo akukhutira, chiwerengero chawo ndicho choyenera.

Tisaiwalenso kuti bambo wa zaka 55 nthawi zambiri amagona ndi mayi wa zaka pafupifupi 50, amene nayenso thupi lake likusintha. Mayi akasiya kusamba, njira yake imauma ndi kupyapyala, kugonana kungamuwawe, ndipo akamazemba bambo amayamba kudzikayikira, chida n'kufooka. Mafuta ofewetsa opangidwira ntchito imeneyi, amene amapezeka m'mafamase, amathetsa mavuto ambiri amene banja likanawatengera kwa ankhoswe. Ngati akugwiritsa ntchito kondomu, asatengere mafuta odzola kapena ophikira, chifukwa amang'amba kondomu.

Pamene tisanamizire zaka

Kafukufuku wodziwika kwambiri pa nkhaniyi anachitikira ku Massachusetts, m'dziko la America, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1994. Mwa abambo a zaka 40 mpaka 70, okwana 52 pa 100 alionse ananena kuti ali ndi vuto lina lake la kudzuka kwa chida, laling'ono kapena lalikulu. Koma olephereratu anali 5 pa 100 pa zaka 40, ndi 15 pa 100 pa zaka 70. Werengani chakumbuyo: pa zaka 70, abambo 85 pa 100 alionse sanali ogweratu mumpapaya. Ndipo kulephereratuko kunali kofala kwambiri mwa odwala shuga, mtima kapena kuthamanga kwa magazi. Vutoli ndi lofala pakati pa achikulire chifukwa matenda amenewa ndi ofala pakati pa achikulire.

Achipatala amati pali matenda ngati kwa miyezi itatu kapena kuposerapo chida chikulephera kudzuka, kapena kukhala chodzuka, nthawi zambiri zimene bambo wayesa. Funso loyamba limene dokotala wodziwa ntchito amafunsa ndi la m'mamawa. Mwamuna wathanzi chida chimadzuka chokha katatu kapena kasanu usiku ali m'tulo, pa nthawi ya maloto, ndipo chimene amachiona podzuka ndi chomaliza mwa maulendo amenewo. Sichidzutsidwa ndi mkodzo monga ambiri amaganizira, ndiponso sichidalira mkazi, ngongole kapena manyazi. Pokalamba maulendowa amachepa, koma satheratu. Choncho bambo amene akulephera ali ndi mkazi wake koma m'mamawa chida chikudzuka cholimba, minyewa ndi mitsempha yake ikugwira ntchito, ndipo vuto lili kumaganizo kapena pakati pa awiriwo. Amene m'mamawa mwakhala muli zii kwa miyezi, ndipo kufookako kunabwera pang'onopang'ono, vuto lili m'thupi.

Chifukwa chake chida chimayamba kudandaula mtima usanadandaule ndi kukula kwa mitsempha. Mitsempha yopita kuchida ndi yotakata milimita imodzi kapena awiri. Yodyetsa mtima ndi ya mamilimita atatu kapena anayi, ndipo ya m'khosi yopita kuubongo ndi yaikulu kuposa pamenepo. Fodya, shuga wokwera, mafuta ambiri m'magazi ndi BP zimawononga mitsempha yonse ya m'thupi nthawi imodzi. Koma monga amadziwira aliyense amene anakokapo madzi a m'mipope, dzimbiri likayamba, paipi yaing'ono ndi imene imayamba kudontheza, yaikulu idakayenda bwino. Ofufuza apeza kuti mwa abambo ambiri amene anadzadwala mtima, vuto la kuchipinda linayamba zaka ziwiri mpaka zisanu chifuwa chisanayambe kupweteka. Zaka zimenezo ndi mpata woti munthu achitepo kanthu, ndipo ambiri amazithera kwa ogulitsa mizu.

Nkhaniyi si ya azungu okha. Kafukufuku wa matenda osapatsirana amene Unduna wa Zaumoyo unachita m'Malawi mu 2009 mothandizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 pa 100 ali ndi shuga. Ambiri mwa a BP aja sankadziwa n'komwe. BP simva kuwawa, shuga naye amayamba mwakachetechete, ndipo abambo athu sapita kuchipatala pokhapokha atanyamulidwa. Kwa ochuluka, kuchipinda ndiko kumene matendawa amayamba kuonekera.

Tiyerekeze bambo wina

Tiyerekeze bambo wa zaka 57, dalaivala wa galimoto zonyamula katundu. Amakhala pampando tsiku lonse, amasuta ndudu zingapo patsiku, mimba inatsogola, ndipo bambo ake anafa ziwalo mbali imodzi asanafike zaka 65. Kwa miyezi isanu ndi itatu chida chakhala chikufooka. Poyamba chinkagwa pakati, kenako chinayamba kudzuka theka, tsopano m'mamawa mulibe kanthu. Chilakolako chilipo, mkazi wake amamufuna. Wayesa gondolosi, wayesa khofi wa m'timapaketi wa pa siteji, osaphula kanthu. Achibale ena anong'oneza kale kuti anamumanga mkazi amene anasiyana naye kalekale.

Akafika kwa dokotala wabwino, mafunso sathera pa chida. Kodi usiku mumadzuka kangati kukataya madzi? Kanayi. Ludzu? Losatha. Mapazi? Amachita dzanzi, nthawi zina amatentha ngati waponda phulusa lamoto. Mukakwera chitunda kapena masitepe, chifuwa chimakuthinani? Ayi. Mukumwa mankhwala ena alionse? Ayi. Atamuyeza, BP ili 162/98, ndipo pobwereza tsiku lina ikadali pamwamba pa malire a 140/90. Shuga woyezedwa m'mawa asanadye ali 9.4, pamene 7.0 kapena kuposa, akapezeka kawiri, ndiye kuti munthu ali ndi matenda a shuga. Makina ena amalemba malire omwewo ngati 126.

Apa chithunzi chaoneka. Kubwera pang'onopang'ono, kutha kwa m'mamawa, chilakolako chili chilili: mitsempha ndi minyewa ndizo zavulala. Dzanzi la kumapazi likuulula kuti shuga wakhala m'thupi zaka zingapo, pakuti shuga amadya minyewa yaing'ono ya kumapazi ndi ya kuchida mofanana. Dokotala amuyambitsa metifomini wa shuga ndi mankhwala a BP, amuuza asiye fodya, ayende mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata, achepetse nsima, zakumwa zotsekemera ndi mchere. Popeza chifuwa sichimupweteka akamagwira ntchito ndipo sakumwa mankhwala a mtima osagwirizana ndi mapiritsi a mphamvu, BP ikatsika angamulembere silidenafili wa mamiligalamu 50.

Ulendo woyamba piritsilo lilephera, ndipo bamboyu akhumudwa. Pofufuza zipezeka kuti analimwa atangomenya nsima ya nyama yonona ndi mabotolo atatu, n'kugona chagada kudikira chozizwitsa. Chakudya cha mafuta chimachedwetsa mankhwalawa, mowa umafooketsa chida, ndipo piritsilo silidzutsa chida palokha: limangothandiza mitsempha kutseguka pamene chilakolako ndi kugwirana zilipo. Liyenera kumwedwa pafupifupi ola limodzi nthawi isanakwane, osapitirira kamodzi patsiku, ndipo madokotala saligamula kuti lalephera munthu asanaliyese bwino maulendo angapo.

Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, shuga ndi BP zatsika, lamba wabwerera mabowo awiri, m'mamawa mwayamba kuoneka kanthu masiku ena. Ndi piritsi zinthu zikutheka, popanda piritsi zikutheka mwa apo ndi apo. Sanabwerere pa zaka 30, ndipo sadzabwererapo, chifukwa minyewa imene shuga waiwononga sichira kwathunthu. Akanabwera chaka chimene zinayamba, akanapulumutsa zambiri. Kuti kusintha kadyedwe ndi kuyenda kumathandizadi si nkhambakamwa: pa kafukufuku wa ku Italy wa mu 2004, pafupifupi mmodzi mwa abambo atatu onenepa amene anachepetsa thupi ndi kuchita zolimbitsa thupi kwa zaka ziwiri anabwerera mwakale popanda mapiritsi. Komabe abambo amenewo analibe shuga kapena BP, kusonyeza kuti kufulumira ndiko kumapindula.

Mnzake wa msinkhu womwewo akhoza kubwera ndi dandaulo lomwelo koma nkhani yosiyana. Iye zinali bwino mpaka mwezi umene ntchito inatha. Analephera usiku umodzi, usiku wotsatira analowa m'chipinda akudziyang'anira ngati wolemba mayeso, n'kulepheranso. M'mamawa chida chikudzuka bwinobwino. Mantha amatulutsa m'thupi michere imene imafinya mitsempha, ndiye munthu akamaopa kulephera amalepheradi. Ameneyunso ayezedwe BP ndi shuga, chifukwa pa msinkhu uwu zifukwa zimaphatikizana, koma mankhwala ake aakulu ndi kukambirana ndi mkazi wake, ndi kugwirizana kuti kwa masabata angapo azingosisitana popanda kukakamiza zolowa. Ngati pali kusowa tulo, kusakondwa ndi chilichonse ndi kutaya mtima, amenewo ndi matenda a nkhawa, ndipo ali ndi chithandizo chakechake.

Za kukadziyesa kwina zija, n'zoona kuti nthawi zina ndi mkazi watsopano chida chimadzuka, chifukwa chachilendo chimautsa ubongo mwamphamvu. Zimenezo sizitsimikiza kuti mayi a kunyumba ndiwo olakwa, ndipo sizitsegula mtsempha ndi umodzi womwe. Pakapita masabata vuto limabwerera, tsopano litaonjezera chinzonono kapena HIV. Mtsikana wamng'ono si mankhwala.

Mankhwala amene amafooketsa, ndi amene amapha

Pali msampha wina umene umagwira abambo amene achita bwino n'kuyamba kumwa mankhwala a BP. Ena mwa mankhwalawa amafooketsa chida mwa anthu ena, makamaka HCTZ amene amaperekedwa kwambiri m'zipatala zathu, komanso puropuranololo ndi atenololo. Amitiripitilini ndi mankhwala ena a nkhawa amachepetsa chilakolako kapena kuchedwetsa kuthira. Bambo akaona kuti vuto layamba masabata ochepa atayamba piritsi latsopano, kawirikawiri amangolitaya osauza munthu, ndipo pakapita miyezi timamva kuti wagwa, mbali imodzi yafa. Njira yake ndi kubwerera kwa amene analemba mankhwalawo n'kunena mosabisa. Mitundu ya mankhwala a BP ilipo ingapo, ndipo ina, monga amulodipini ndi enalapurili, siivuta kwenikweni kumbali imeneyi.

Silidenafili, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Viagra, anavomerezedwa ku America mu 1998 ndipo ndi mankhwala enieni, ogwira ntchito mwa abambo ambiri. Amatha kupweteketsa mutu, kutseka mphuno ndi kutenthetsa nkhope, ndipo zimenezi zimatha zokha. Ngozi yake ili pa kuphatikiza. Munthu amene amamwa mankhwala a kupweteka kwa chifuwa cha mtima a gulu la naitireti, monga aisosobaidi kapena kapiritsi koika pansi pa lilime, asayerekeze n'komwe, chifukwa awiriwa akakumana BP imagwa mpaka munthu kukomoka kapena kufa. Amene ali pa ma ARV okhala ndi ritonavira afunika mlingo wochepa kwambiri, chifukwa ritonavira amachititsa kuti silidenafili achuluke ndi kukhalitsa m'magazi. Amene anadwala mtima kapena kufa ziwalo posachedwa, kapena amene amabanika akakwera masitepe a nyumba ziwiri zosanja, ayambe waonedwa mtima, popeza kugonana kumafuna mphamvu zofanana ndi zimenezo.

N'chifukwa chake timapaketi ta khofi, uchi ndi timabotolo ta "zachilengedwe" ta pamsika tili toopsa kuposa mmene timaonekera. Oyang'anira mankhwala m'mayiko ambiri akhala akupeza silidenafili wobisidwa m'zinthu zoterezi, pa mlingo wosadziwika. Zikagwira ntchito, mwina n'chifukwa chakuti muli piritsi lomwelo, ndipo wa naitireti uja alimwa osadziwa. Gondolosi wa kumunda ndi muzu umene makolo akhala akutafuna kuyambira kale, koma palibe kafukufuku wokwanira pa anthu wosonyeza kuti amatsegula mitsempha yowonongeka. Choipa chake chachikulu ndi nthawi imene amadyera munthu woyenera kukayezetsa shuga.

Jakisoni wa tesitositeroni nayenso wayamba kutchuka m'matauni. Kusowa kwenikweni kwa michereyi n'kosafala: kafukufuku wa m'mayiko a ku Ulaya wa mu 2010 anakupeza mwa abambo pafupifupi awiri pa 100 a zaka 40 mpaka 79. Zizindikiro zake ndi kutheratu kwa chilakolako, kusowa kwa m'mamawa, kufooka kwa thupi, nthawi zina mabere kukula ndi machende kuchepa. Amayeza magazi m'mawa, kawiri pa masiku osiyana. Amene ali nayo yokwanira akabayitsa sapindula kanthu kuchida, koma magazi ake amalemera ndipo mbewu ya umuna imachepa.

Zina zosayenera kudikira

Magazi mu umuna amaopsa, ngakhale kuti nthawi zambiri chifukwa chake n'chaching'ono. Kwa bambo wopitirira zaka 50 ayenera kuonedwa ndithu, makamaka zikabwereza. Kwathu kuno pali chifukwa chimene mabuku a kunja sachitchula kawirikawiri: likodzo. Tizirombo take timaikira mazira m'chikhodzodzo komanso m'ziwalo zopanga umuna, moti asodzi ndi ena osamba m'nyanja ya Malawi, ku Chilwa ndi m'madambo a ku Chigwa cha Shire amatha kuona umuna wamagazi, wachikasu kapena wa timibulu, ndi kuwawa pothira. Purazikwantelo amapha tizirombo timeneti. Zikapitirira atamwa, afufuze pulositeti.

Pulositeti ndi kachiwalo kokhala pansi pa chikhodzodzo, kozungulira njira ya mkodzo, ndipo kamakula mwa abambo ambiri akamakalamba. Mkodzo wofooka, wodukiza, kudzuka kangapo usiku ndizo zizindikiro zake, ndipo kawirikawiri si khansa. Koma khansa ya pulositeti imagwira kwambiri abambo akuda kuposa mitundu ina ndipo poyamba siionetsa chizindikiro, choncho wa zaka zopitirira 50, makamaka ngati bambo ake kapena mbale wake anadwalapo, akambirane ndi dokotala za kuyezetsa magazi kotchedwa PSA. Kugonana kwambiri kapena kusagonana si kumene kumatupitsa kachiwaloka.

Kumva kukoma kwa pamapeto koma osatuluka kanthu, kenako mkodzo woyamba n'kutuluka wotuwa, kumatanthauza kuti umuna ukubwerera m'chikhodzodzo. Sikuvulaza, koma kuli ndi chochititsa: shuga, opaleshoni ya pulositeti, kapena mankhwala a pulositeti monga tamusulosini. Amene sakumwa mankhwala alionse ndipo sanachitidwe opaleshoni ayezetse shuga. Chida chimene chayamba kupindika chikadzuka pamene kale chinali chowongoka, chokhala ndi kachotupa kolimba pansi pa khungu ndi kuwawa, ndi chipsera cha m'kati, osati kulodzedwa, ndipo madokotala a njira ya mkodzo m'zipatala zazikulu amachidziwa. Mafinya, zilonda, kutentha pokodza ndi chotupa cha kumachende, zonsezi n'zakuchipatala pa msinkhu uliwonse. Chilonda cha pachida chimene sichikupola patatha masabata angapo chisapakidwe mizu, chifukwa khansa ya pachida imayamba motero.

Chimodzi chokha n'chothamangira usiku womwewo: chida chodzuka chosagwa kwa maola anayi, chowawa, chilakolako chitatha kale. Magazi otsekeredwa mmenemo amatha mpweya, mnofu umayamba kufa, ndipo amene wagona nacho mpaka mawa chifukwa cha manyazi angathe kutaya mphamvu zake mpaka kalekale. Zimachitika kwambiri kwa odwala siko selo, omwa mankhwala ena a misala, ndi amene aphatikiza mapiritsi ndi mizu yosadziwika.

Chovuta chimene chatsala ndi pakamwa. Pa mzere wa chipatala chathu, dokotala ali ndi mphindi zochepa, mwina ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wanu, ndipo chitseko sichitsekeka bwino. Abambo ambiri amangoti "msana ukundipweteka" kapena "thupi lonse lafooka", n'kubwerera ndi panado. Muli ndi ufulu wopempha kuti muonane ndi dokotala wamwamuna kapena kuti chitseko chitsekedwe. Mukatero nenani zinthu zinayi mwachidule: kuti mphamvu za kuchipinda zachepa ndipo zinayamba liti, ngati zinabwera mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, ngati m'mamawa chida chimadzuka, ndi mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo mizu ndi timapaketi ta pamsika. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwalawo. Ngati n'kotheka pitani m'mawa musanadye, kuti shuga ayezedwe tsiku lomwelo pamodzi ndi BP.